Nthabwala yanga inagwera pamaliro

Ndine mlembi wa sosaiti yathu ya maliro kuno ku Mufakose, ndipo nambala yanga inafalikira kuposa mmene ndinkafunira. Munthu akachokera kumudzi n'kusowa kolowera muno mu Harare, pamapezeka wina womuuza kuti, "Lemberani achimwene aja a ku Mufakose." Ndiye sabata siitha osayankha anthu awiri atatu amene sindinawaonepo nkhope. Amene mumandidziwa mukudziwanso kuti pakamwa panga sipakhalitsa popanda nthabwala. Kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti mlendo ukamuseketsa pa yankho loyamba, mantha amathawa, amamasuka. Ndimakhulupirirabe choncho, koma usiku wina unandichotsa matama.

Inali cha m'ma 2 koloko usiku, foni inalira. Nambala yachilendo, chithunzi cha mayi wovala duku. Uthenga wake unali uwu: "Basi ya ku Blantyre imanyamukira pati ndipo nthawi yanji. Ndikufuna ya lero."

Ine ndi tulo tanga m'maso ndinalemba kuti, "Kkkkk mayi, sadza la kuno lakukanani kale? Dikirani kaye mulawe mazondo, kumudzi mupita mutanenepa." Ndinatumiza n'kumadikira kuti aseke, kuti za basizo ndiwauze pambuyo.

Anawerenga. Panapita mphindi zingapo. Kenako anayankha kuti, "Mwana wanga wamwalira ku Lunzu madzulo ano."

Thupi lonse linazizira. Ndipo m'malo mokhala kaye phee, zala zinathamanga kukonza zimene zinawononga, n'kulemba kuti, "Pepani mayi, ndimangotamba nanu." Inu obadwira kuno mwina simukuonapo vuto. Pa Chishona kutamba ndi kusewera, ndipo ife amene tinakulira m'misewu ya Mufakose, Mbare ndi Mabvuku mawuwa timawalowetsa m'Chichewa osazindikira n'komwe. Koma kwa munthu wokulira ku Malawi, kutamba ndi zimene zimachita mfiti usiku. Ndiye taganizani, mayi wataya mwana mwadzidzidzi, ali yekha m'dziko la eni, ndipo bambo wosamudziwa akumulembera 2 koloko usiku kuti akutamba naye. Sanayankhenso.

Amene anapulumutsa zinthu ndi mayi a kunyumba, iwo anabadwira ku Ntcheu. Ndinawadzutsa, anawerenga, anandiyang'ana kamodzi kokha osanena kanthu, n'kuimba nambala ija. Sanayambe ndi kufotokoza kuti amuna awo ndi munthu wamacheza. Anayamba ndi kupepesa maliro, anafunsa dzina la mwana, anafunsa kumene mayiwo ali. Anali m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba imene ankagwirako ntchito. Kusanache tinakawatenga n'kupita nawo ku Roadport, kokwerera mabasi opita kunja kwa dziko, ndipo anayamba ulendo wa makilomita pafupifupi 600 uja, wodzera pa Nyamapanda, Tete ndi Mwanza. M'galimoto monse ine sindinatsegule pakamwa, kupatula kunena kuti, "Mayi, ndalakwa, pepani."

Nditabwerera ndinauwerenganso uthenga woyamba uja kangapo, ndipo ndinaona kuti mayiwo anali atandiuza kale zonse, kungoti ine ndinathamangira kuseka. Mmalawi wamkulu salembera bambo wachilendo osayamba ndi moni. Amayamba ndi "Muli bwanji bambo," amadzitchula, amanena amene wamupatsa nambala, mwinanso kupepesa kuti akuvutitsa. Moni akasowa, nthawi zambiri si mwano, ndiye kuti munthuyo wapanikizika moti alibe mpata wa mwambo. Nthawinso inali kulankhula. Wofuna kukaona abale kapena kukapikula katundu safunsa za basi pakati pa usiku. Ndiye panali mawu aja akuti "ya lero." Ulendo wa ku Malawi munthu amaukonzekera, amasonkhanitsa madola, amagula shuga ndi mafuta ophikira a kumudzi. Wofuna kunyamuka lero lomwe, kawirikawiri ndi matenda kapena zovuta. Ine mlembi wa sosaiti ya maliro ndinayenera kukhala woyamba kuzinunkhiza zimenezi.

Koma cholakwa changa chachikulu, mmene ndikuonera tsopano, chinali kuserewula munthu amene sanandipatse chilolezo. Kwathu nthabwala ili ndi eni ake. Msuweni wako ungamunene kuti mutu ngati dzungu, aseka, akubwezera. Mlamu chimodzimodzi. Agogo ndi mdzukulu amatchulana mwamuna ndi mkazi, anthu n'kumangoseka. Ngakhale pamaliro penipeni, adzukulu amatha kugwetsa anthu ndi phwete, ndipo anzathu Achishona ali ndi sahwira, amene amatengera kayendedwe ndi kalankhulidwe ka malemu mpaka ofedwa kuseka misozi ili m'masaya. Ndiye vuto si lakuti imfa ndi nthabwala siziyenderana. Zimayenderana ndithu, koma kudzera mwa munthu amene aliyense akudziwa udindo wake. Pa yankho loyamba iwe sunakhale msuweni wa munthu, sunakhale sahwira wake. Ndiwe nambala chabe.

Komanso polemba, nkhope ndi mawu zimatsala. Nthabwala yomweyo ya sadza ndikanainena maso ndi maso, ndikanaona maso ofiira ndisanamalize chiganizo, n'kuimeza. Pafoni munthu amawerenga mawu ako ndi liwu la mumtima mwake. Ngati mtima uli ndi mantha, amamva kunyoza. Timaganiza kuti "kkkkk" kapena kankhope koseka kaja kafewetsa zinthu, koma kwa wolira zimangosonyeza kuti ukuseka ndithu.

Ena mu sosaiti atamva nkhaniyi anati basi, alendo tiziwayankha ngati mu ofesi, funso yankho, macheza ayi. Apa ndiye ndimakana. Yankho louma nalonso limathamangitsa anthu, kungoti mwakachetechete. Mlendo amafunsa funso loyamba akuchita manyazi, ndipo ukamuyankha ngati kalaliki, funso lachiwiri, limene mwina ndilo lenileni, amapita nalo kwa munthu wina amene akam'dyera ndalama.

Chitsanzo ndi mnyamata wina wa ku Mangochi amene anandilembera chaka chomwe ndalama ya ZiG inayamba, mu 2024. Iye anayamba bwinobwino, moni, dzina, amalume ake amene anam'patsa nambala, kenako n'kuti, "Pepani funso langa ndi lopusa, koma ndalama za kuno zikundisokoneza, mu kombi ndikumangopereka dola osadziwa chenji chake." Apa zizindikiro zonse zinali zosiyana ndi za mayi aja. Anali masana, moni analipo, ndipo chimene chinkamuvuta chinali manyazi, osati chisoni. Ndinayamba ndi kumuyankha zimene anafunsa, kuti azifunsa mtengo asanakwere, aziyenda ndi madola ang'onoang'ono, ndipo chenji aziwerengera pomwepo kondakitala akuona. Pamapeto pake ndi pamene ndinawonjezera kuti, "Usadandaule mphwanga, ine ndinabadwira konkuno, imvi zayamba, koma dzana ndinatsika kombi n'kusiya chenji changa chonse, ndinakumbukira ndili pakhomo." Anaseka, ndipo uthenga wotsatira ndi umene unatulutsa nkhani yeniyeni, yoti wina ankamuitanitsa ndalama za lendi ya chipinda ku Epworth chimene anali asanachione n'komwe.

Nthabwala ziwirizi zikusiyana malo awiri. Ya kwa mayi aja inabwera m'malo mwa yankho, moti anayenera kudutsa kaye m'kuseka kwanga kuti apeze thandizo. Ya kwa mnyamata inabwera thandizo litaperekedwa kale, akanatha kuilumpha osataya kanthu. Ndipo yoyamba inkaseka iwo, kuti alephera moyo wa kuno, pamene yachiwiri inkaseka ine. Ukadziseka wekha umatsika n'kukhala pamphasa imodzi ndi wofunsayo. Ukaseka iye, ngakhale mwachikondi chotani, umamukumbutsa kuti iwe ndiwe mwini mudzi, iye ndi wobwera.

Apa pali chinthu chimene ife matchona ndi ana a matchona timalakwitsa kwambiri. Agogo anga anachoka ku Dedza nthawi ya chitaganya, chija cha 1953 mpaka 1963, ndipo moyo wawo wonse anatchedwa mayina aja mukuwadziwa, mabhurandaya, mabwidi. Ife adzukulu tinawatola mayinawo n'kumatchulana tokhatokha moseka, ululu wake unatha kwa ife. Ndiye wina watsopano akalowa pagulu lathu la WhatsApp n'kupereka moni, pamapezeka woyankha kuti, "Takulandirani mubwidi watsopano kkkk." Iye akuona ngati akumukumbatira. Koma mlendoyo mwina mawu omwewo wawamva m'mawa wake kwa munthu womutukwana pamsika wa Mbare. Chimodzimodzi kuseka za mapepala, zoti "bisalani apolisi akubwera." Kwa amene ali ndi chitupa cha kuno n'zoseketsa. Kwa amene masiku ake a pa pasipoti akutha, usiku umenewo sagona.

Nthabwala ikaphonya umadziwira kuti? Munthu amene amalemba mizere itatu amayamba kuyankha liwu limodzi, "Chabwino," kapena "Zikomo." Kapena amabwereza funso lake lomwe lija ngati sunanene kanthu. Kapena wawerenga koma zii. Zikatero, chonde musalembe kuti "ndimangocheza," ndipo za kutamba zija musayerekeze n'komwe. Mawu amenewo amateteza iwe, ndipo amamuuza mnzako kuti vuto ndi iyeyo wosamva macheza. Kufufuta uthenga nakonso sikuthandiza, wawerenga kale. Chimene ndinaona kwa mayi a kunyumba usiku uja ndi kuimba foni kuti munthu amve liwu, kupepesa kamodzi mosazungulira, n'kupita pa chimene wabwerera.

Mayi aja anabwerako patatha mwezi ndi theka, ndipo analowa sosaiti yathu. Tsiku loyamba kubwera kumsonkhano tinafunsana ziwongo monga mwa mwambo, n'kupeza kuti iwo ndi aNabanda, ine Phiri wobadwa kwa aNabanda. Wapampando anangoti, "Basi, awa ndi asuweni anu." Miyezi ingapo sanandiseke ngakhale pang'ono, moni wokha. Mwezi watha, akupereka chopereka chawo cha pamwezi patebulo langa, anthu onse akumva, anati, "Lembani bwino, inu afiti a ku Mufakose, musatambe nazo ndalama zanga."