Firiji sipha listeriya, achemwali

"Mayi woyembekezera azisunga zakudya zotsala mufiriji kuti zisamudwalitse." Apa pokha olemba mwalakwitsa. Listeriya, kachilombo koyambitsa matenda kopezeka m'zakudya, amaswana ngakhale mufiriji pa madigiri 4, pang'onopang'ono, ndiye chakudya sichinunkha olo kusintha mtundu, umangodya osadziwa. Nanga ndi magetsi omangozimazimawa.

Ine sindiopa kwambiri mkute wa nsima kapena nyemba, bola uwiritsenso mpaka nthunzi itulukire pakati penipeni osati kungofunditsa. Zoopsa ndi zomwe timadya zozizira, poloni, maviyena, nkhuku yadzana yopaka mayonezi, saladi wa kabichi wotsala ku ukwati, chizi chofewa, chambiko cha mkaka wosawiritsa. Anzathu a ku Joni mukukumbuka 2017 mpaka 2018? Anthu oposa 1,000 anadwala, oposa 200 anamwalira, ambiri makanda, gwero lake poloni.

China simunanene, matendawa amatha kuonekera patapita milungu ingapo ngakhale miyezi iwiri, thupi kutentha ndi kuphwanya ngati malungo basi. Mng'ono wanga atamuyeza malungo osapezeka anangobwerera kunyumba ndi panado, mimba inachoka ya miyezi 6. Mukatentha thupi muli ndi pakati, auzeni adokotala zomwe mwakhala mukudya.