Ya thiransipoti, ya sopo ndi chikole: mmene Malawi, Zambia, Tanzania ndi Mozambique amasiyanirana pa ndalama za chibwenzi chongoyamba

Mukafunsa ku Lilongwe, ku Lusaka, ku Dar es Salaam kapena ku Maputo kuti tsiku loyamba kukumana amalipira ndani, ambiri akuyankhani chimodzimodzi: mwamuna, makamaka ngati ndiye waitana. Pamenepo malire a mayiko sasintha kanthu. Kusiyana kumayamba mukafunsa kuti ndalama yaperekedwayo ndi yachiyani, nanga wolandirayo wavomera chiyani poilandira.

Pa chibwenzi chongoyamba pamayenda ndalama za mitundu itatu. Pali ya ulendo wa tsikulo, monga thiransipoti ndi chakudya. Pali yosamalira, ija timati ya sopo, ya tsitsi kapena ya bandulo. Ndiye pali ya lonjezo, imene kwathu kuno timati chikole. Mikangano yambiri imabuka chifukwa wopereka akuwerengera ndalamayo ku mtundu wina pamene wolandira akuiwerengera ku mtundu winanso.

Tiyambe ndi ya thiransipoti, poti ndi imene imapemphedwa anthu asanaonane n'komwe. Atanzania sabisa mawu pa nkhani imeneyi. Ali ndi chiganizo chodziwika dziko lonse, "tuma na ya kutolea", kutanthauza kuti potumiza ndalama pa foni uwonjezerepo yolipirira kwa ejenti potapa. Ena amachinena moseka, koma chili ndi nzeru yake. Munthu akapempha ndalama yokwanira ndendende ulendo wa basi, inu n'kutumiza yomweyo pa M-Pesa, akakatapa imakhala yaperewera chifukwa kampani yadulapo yake. Kuno kwathu vutolo liliponso pa Airtel Money ndi Mpamba, koma ambiri amachita manyazi kutchula yotapira. Mtsikana amangowonjezera yekha, n'kufika pamalo okumanirana ali kale ndi kamtima kakuti mwamunayu ndi woumira. Mwamunayo sadziwa n'komwe kuti walakwa. Apa njira ya Atanzania ndiyabwino, chifukwa chinthu chimene chatchulidwa sichisanduka chakukhosi.

Vuto lina lodziwika ndi kudya thiransipoti: ndalama yatumizidwa, foni yazima, munthu sanabwere. M'mizinda ikuluikulu ya anzathu vutoli lapeza mankhwala ake. Ku Lusaka ndi ku Maputo kuli Yango, ku Dar es Salaam kuli Bolt, kotero mwamuna atha kuitanitsa galimoto pa foni yake kuti ikamutenge mnzakeyo, ndalama osadutsa m'manja mwa wina aliyense. Kuno ambiri timadalirabe minibasi ndi kabaza, ndiye chofanana nacho n'kutuma wakabaza wodziwika n'kumulipira akafika. Koma njirayi ili ndi malire ake. Mtsikana amene sanakuzolowereni ali ndi chifukwa chomveka chokanira kukwera chinthu chimene mwatuma inu, kapena kukuuzani pamene amakhala. Akakana, musafulumire kuganiza kuti akufuna kudya ndalama. Chosavuta n'kugwirizana kuti abwere ndi yake, inu mumubwezere akafika, pamodzi ndi yobwererera. Ngati alibiretu, tumizani yopitira yokha ndi yotapira, yobwerera mukamupatse pamanja.

Kukonza ulendo kumayendera limodzi ndi kulipira, ndipo apa mayiko onsewa amagwa m'mbuna imodzi. Mwamuna amafunsa kuti "Tikumane kuti?" pofuna kuoneka waulemu, mtsikana n'kutchula malo amene iye amawadziwa, osadziwa kuti m'thumba mwa mnzake muli zingati. Wolipira ndiye ayenera kutchula malo awiri amene angawakwanitse, mnzakeyo asankhepo amodzi. Mtsikana akafuna malo ena odula kuposa amenewo, chilungamo n'chakuti anene kuti athandizapo, kaya pa zakumwa kaya pa ulendo wake.

Tiyerekeze mnyamata wa ku Lilongwe amene wadziwana ndi mtsikana wa ku Chipata, ndipo akupita kukamuona kudzera pa chipata cha Mchinji. Manambalawa ndi ongoyerekeza. Wakonza K60,000 ya ku Malawi: K20,000 ya ulendo wake kupita ndi kubwera, K25,000 ya chakudya cha anthu awiri, K10,000 ya thiransipoti ya mtsikanayo, ndi K5,000 yapadera. Onse amayankhula chinenero chimodzi ndipo ndalama za mayiko onse awiri zimatchedwa kwacha, ndiye n'kosavuta kuiwala kuti si ndalama imodzi. Zambia inachotsa maziro atatu pa ndalama yake mu 2013, ndipo kwacha imodzi ya kumeneko imasintha makwacha makumi angapo a kuno. Mtsikana akati "handiredi yokha ikwana", akunena ndalama imene kuno ndi masauzande angapo. Choncho ndalama iliyonse yotchulidwa pa foni izitchulidwa ndi dziko lake, ndipo mnyamatayo afunsiretu mtengo wosinthira wa tsikulo asananyamuke, poti kwacha yathu imatha kugwa mwadzidzidzi monga inachitira mu Novembala 2023, pamene inatsitsidwa ndi 44 peresenti.

Tsopano mtsikana wafika ndi mnzake, osanena. Chakudya cha K25,000 chasanduka cha K37,500. Pa K12,500 yowonjezerayo, yapadera ija yatsekapo K5,000 yokha, ndipo K7,500 yotsalayo ichoka pa K10,000 imene mnyamata amayenera kubwerera nayo kwawo. Wakhala pa tebulo akuwerengera mumtima mmalo mocheza, ndipo mtsikana akupita kwawo akuti munthuyu ndi wosasangalatsa. Kubwera ndi mnzako pokakumana ndi mlendo si dyera nthawi zonse. Kawirikawiri ndi chitetezo, ndipo n'chanzeru. Cholakwika n'kusanena. Uthenga umodzi dzulo lake ukanathetsa zonse: "Mukafuna kubwera ndi mnzanu palibe vuto, mungondiuziratu kuti ndisankhe malo otikwanira atatu." Kukumana masana, pamalo a anthu ambiri, pa zakumwa zoziziritsa kukhosi mmalo mwa chakudya chonse, kumachepetsa mantha a mtsikana ndi bilu ya mnyamata nthawi imodzi.

Ya sopo sitichedwapo, chifukwa mayina okha ndi amene amasintha. Ku Zambia amapempha ya tokotaimu, ku Tanzania ya vocha, ku Mozambique ya megasi, kuno ya mayunitsi kapena bandulo. Aswahili ali ndi mawu akuti "kuhonga", kupatsa wokondedwa ndalama, ndi ena akuti "kuchuna buzi", kusenda mbuzi, onena za kukama mwamuna wandalama, zomwe zikuonetsa kuti amasiyanitsa ziwirizi. Chozindikirira kukamako n'chimodzi kulikonse. Pempho likabwera musanaonane maso ndi maso, likamakula sabata ndi sabata, kapena macheza akamazizira tsiku limene mwati mulibe, chimene chikufunidwa ndi ndalama. Nayenso mwamuna amene akapereka amayamba kufunsa kuti muli kuti, muli ndi yani, kapena kunena kuti "ndakuwonongerani zambiri", akugula ulamuliro. Chakudya cholipiridwa kapena foni yogulidwa si chilolezo cha kugonana m'dziko lililonse mwa mayikowa.

Kusiyana kwenikweni kuli pa ndalama ya lonjezo. Kwa Ababemba ku Zambia, mwamuna akatsimikiza amatumiza nsalamu, kandalama kochepa koikidwa m'mbale zovundikira, ndipo amakapereka ndi mkhalapakati wotchedwa shibukombe kwa makolo a mtsikana. Akalandira, ndiye kuti avomera. Ku Tanzania mkhalapakati wotchedwa mshenga amanyamula kalata yofunsira mbeta, "barua ya posa", muli kandalama, ndipo za mahari, omwe ndi malowolo a kumeneko, zimakambidwa pambuyo pa yankho. Kum'mwera kwa Mozambique mwamuna amayamba wakaonekera kwa makolo, kenako banja la mkazi limalemba mndandanda wa zofunika pa lobolo. M'njira zitatu zonsezi ndalama ya lonjezo imadutsa kwa munthu wachitatu ndipo imafika kwa akuluakulu. Chilichonse chimene awiriwo anapatsana paokha zisanafike pamenepo chimangotengedwa ngati mphatso.

Chikole cha kwathu, m'madera a chikamwini a m'chigawo chapakati ndi kum'mwera, chimayenda mosiyana. Mnyamata amachipereka yekha m'manja mwa mtsikana, kaya ndi nsalu kaya ndi ndalama, ndipo mtsikanayo ndiye amakachionetsa kwa akuluakulu a kwawo, ankhoswe asanayambe kuyenderana. Ubwino wake ndi wakuti n'chopepuka. Mnyamata wosauka atha kutomera popanda ngongole. Kuipa kwake masiku ano n'kwakuti chimafanana kwambiri ndi mphatso wamba. Mnyamata wagula foni mwezi wachiwiri wa chibwenzi, mumtima mwake akuti wapereka chikole, pamene mtsikana akuti walandira mphatso ya tsiku lobadwa. Chibwenzi chikatha wina akuti bweza, wina akuti unandipatsa wekha, ndipo palibe mboni. Ngati foniyo sinatchulidwe kuti ndi chikole pamene imaperekedwa, ndipo palibe wamkulu amene anauzidwa, n'kovuta kuitcha chikole pambuyo pake. Ngakhale m'Malawi momwemu muli kusiyana: kumpoto ndi kuchigwa cha Shire kuli malowolo, kotero mnyamata wa ku Mzimba kapena ku Nsanje amayamba chibwenzi akudziwa kuti ndalama yaikulu ikudikira kutsogolo, monga mnzake wa ku Gaza ku Mozambique, pamene wa ku Milange kapena ku Niassa amafanana kwambiri ndi wa ku Mulanje ndi Mangochi.

Tanzania inafika poilemba nkhaniyi m'malamulo. Lamulo lawo la maukwati la 1971 limalola munthu kukasuma kuti abwezeredwe mphatso ukwati ukalephereka, koma pokhapokha khoti likakhutira kuti mphatsoyo inaperekedwa pa mfundo yakuti ukwati uchitike. Nsapato, vocha ndi chakudya cha Loweruka n'zovuta kuziika m'gulu limeneli. Ngakhale kwa ife amene lamuloli silitikhudza, muyeso wakewo ndi wothandiza. Chinthu chimene mungadzachifune chibwenzi chikatha, monga fizi ya kukoleji, mpamba wa bizinesi kapena lendi ya miyezi ingapo, musachipereke ngati mphatso m'miyezi yoyambirira. Ngati ndi ngongole, itchuleni kuti ndi ngongole mu uthenga wa pa foni, ndi tsiku lobweza, mnzanuyo ayankhe kuti wavomera. Ngati ndi chikole, nenani mawuwo, ndipo malume kapena azakhali a mbali zonse ziwiri adziwe sabata yomweyo. Mtsikana naye akapatsidwa chinthu chodula msanga, afunse asanachilandire kuti, "Kodi chimenechi ndi mphatso kapena ndi chikole?" Mwamuna wa ku Zambia kapena ku Tanzania angadabwe ndi funsolo, poti kwawo lonjezo limadzera kwa shibukombe kapena mshenga, ndiye mungafunike kumufotokozera kuti kuno foni yoperekedwa pamanja itha kudzawerengedwa ngati chitomero.