Wailesi imodzimodzi, Lusaka ndi Blantyre anaigwiritsa mosiyana

Marshall McLuhan wa ku Canada analemba mu 1964 kuti chida chonyamulira uthenga chimasintha anthu pachokha, posatengera zimene zikunenedwamo. Ifetu umboni tili nawo pafupi, pa wailesi ya kuno ndi ya ku Zambia.

Mu 1949 kunabwera kawailesi kotchipa kooneka ngati sefuliya, kopangidwira anthu omvera siteshoni ya ku Lusaka, yomwe inkamvekanso kuno ku Nyasaland. Mtengo wake unali mapaundi 5, batire mashiling'i 25, ndipo batirelo linkatha pa maola pafupifupi 300. Werengani nokha: mukatsegula maola awiri madzulo aliwonse, ndiye kuti masiku 150, miyezi isanu. Choncho wailesi sinkangolira tsiku lonse. Mwini wake ndiye ankalamula nthawi yotsegula, anansi nkubwera kudzakhala pakhonde pake, ndipo wosadziwa kuwerenga ankamva nkhani nthawi yofanana ndi aphunzitsi. Kaya mukuimba nyimbo kaya mukukambidwa za ulimi, dongosolo la madzulo linali litasintha kale chifukwa cha batire.

Chachikulu china ndi ichi. Nyuzipepala mutha kuionjezera masamba, Chitumbuka uku Chichewa uku, owerenga nkusankha okha. Wailesi ya njira imodzi imalankhula chinenero chimodzi pa nthawi, ndipo tsiku silipitirira maola 24. Boma lililonse linakakamizika kusankha woti amveke.

Zambia inagawa nthawiyo pakati pa zinenero zisanu ndi ziwiri: Chibemba, Chinyanja, Chitonga, Chilozi, Chikaonde, Chilunda ndi Chiluvale. Vuto lake ndi la masamu. Titati pali maola 14, aliyense apeza awiri okha, ndipo zinenero zina zambirimbiri zimatsala kunja. Kuno tinatenga njira ina: mu 1968 Chichewa chitakhala chinenero cha dziko, Chitumbuka chinachotsedwa pa MBC mpaka 1994. Kwa zaka zonsezo mawu ochokera ku Chichiri ankalowa m'nyumba za ku Rumphi ndi ku Chitipa m'Chichewa ndi Chingerezi basi. Chichewa chinafala ndithu, koma anzathu a kumpoto chinawawawa, ndipo ine ndimaona kuti njira ya Zambia inali yachilungamo ngakhale inali yopanikiza.

Apa mpamene ambiri amaphonya mfundo ya McLuhan, nkumati chida chimachita zonse. Chida chinali chimodzi mbali zonse za malire a Mchinji, koma zotsatira zinasiyana. Wailesi inabweretsa funso la chinenero, oyankha anali andale. Pofuna kusiyanitsa ziwirizi, funsani chimene chikanakhalabe ngakhale wolamula akanasintha. Kuchepa kwa maola kukanakhalabe, kuchotsa Chitumbuka ayi.

Masiteshoni a FM atachuluka pambuyo pa 1994, kupanikizana kuja kunachepa, chifukwa dera limatha kukhala ndi wailesi yake m'chinenero chake. Koma FM siipita patali ngati mafunde akale aja, ndiye wa ku Ndirande ndi wa ku Karonga atha kumamva zosiyana nthawi imodzi.