Kalata ya chenjezo isanafike, musathetse mgwirizano

"Akachedwa kulipira, kodi sindingangothetsa kontrakiti pompo?"

Ayi achimwene, yambani mwawerenga pomwe munasainirana paja. Ngati palembedwa masiku 14 okonzera cholakwa, mulembereni kalata kaye, mutchule ndime yomwe waphwanya, ndalama zomwe zatsala komanso kuti akapanda kulipira muthetsa, osangoti "mukutikhumudwitsa" ayi. Itumizeni momwe kontrakitiyo ikunenera, ngati akuti pamanja ndiye meseji ya pafoni atha kuikana, ndipo asainire kuti walandira chifukwa nthawi zambiri masikuwo amayambira pamenepo osati tsiku lomwe munakwiya. Akalipira zonse tsiku la 13 nkhani yatha. Koma mukathetsa tsiku la 10 wophwanya mgwirizano ndinuyo tsopano, atha kukusumirani ngakhale analakwa ndi iyeyo.