Manambala a m'buku la malonda akajambulidwa pa foni

Chimandinyansa kwambiri ndi kulandira chithunzi cha buku la malonda chojambulidwa madzulo, foni itapendekeka, chala chitaphimba mzere wa mitengo. Ndiye akuti muwerengetsere ndalama za tsiku lonse!

Vuto lalikulu lili pa 1 ndi 7, komanso 0 ndi 6, makamaka pa pepala lachiwiri la kaboni lomwe limaoneka mbuu. Tengani mzere uwu: matumba 7 a simenti, lililonse K25,000, zonse K175,000. Wolemba akapanda kudula 7 uja ndi kamzere pakati, mumawerenga thumba limodzi, ndipo matumba 6 amasowa m'mabuku pomwe m'sitolo anatuluka kale. Mawa wogulitsa ayamba kutchedwa wakuba.

N'chifukwa chake mzere uliwonse muzichulukitsa kuchuluka kwa katundu ndi mtengo wake, muone ngati zikugwirizana ndi ndalama zolembedwa kumapeto. Zikasiyana musaganizire, funsani kuti ayang'ane m'buku lenilenilo.

Ojambula inu, chonde, yalani bukulo patebulo masana, foni ilunjike pamwamba, tsamba limodzi chithunzi chimodzi, nambala ya lisiti izioneka. Pa WhatsApp tumizani ngati `Document`, chifukwa chithunzi wamba amachifinya mpaka kadontho ndi chizindikiro cha koma kusasiyananso.