Musatiwerengere aphunzitsi pa boma lonse, werengani pa sukulu

Ndakwiya. Mnzanga wandionetsa chikalata cha malangizo chomwe alembera a DEM, oyang'anira maphunziro m'boma, ndi a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale m'zoni, pa nkhani ya kagawidwe ka aphunzitsi pakati pa m'tauni ndi sukulu za kumudzi. Zolembedwamo n'zoona. Koma pa msonkhano wokambirana chikalatacho bwana wina akuti anaimirira n'kunena kuti boma lawo lilibe vuto, poti akawerengera boma lonse mphunzitsi mmodzi ali ndi ana osapitirira 60 monga unduna umafunira. Anthu mpaka kuomba m'manja!

Masamu amenewo ndi obisa ana. Tiyerekeze sukulu ziwiri m'zoni imodzi, iliyonse ya ana 900. Ya patauni, pamsewu wa tala, ili ndi aphunzitsi 30, ndiye aliyense ali ndi ana 30. Ya kuseri kwa phiri ili ndi aphunzitsi 6, aliyense ana 150. Mukaphatikiza, ana 1,800 ndi aphunzitsi 36, mupeza ana 50 pa mphunzitsi mmodzi. Papepala zonse zili bwino. Koma aphunzitsi 6 aphunzitsa bwanji Sitandade 1 mpaka 8? Makalasi awiri akungokhala okha tsiku lonse, ndipo mwa 6 aja mmodzi ndi ahedi. Mmodzi akapita kuboma kukatapa malipiro, ana amaweruka dzuwa lisanatenthe n'komwe.

Chonsecho mutangosamutsa aphunzitsi 9, kuphiri kuja akhala 15, ana 60 aliyense, ndipo patauni atsala 21 omwe akukwanabe bwinobwino. Osalemba ntchito munthu watsopano ngakhale mmodzi. Ndiye musatiuze za boma lonse. Tiuzeni sukulu ndi sukulu, ndipo mndandandawo muumate pa TDC, likulu la aphunzitsi m'zoni, kuti makolo aziuona. Mwana amaphunzira m'kalasi, saphunzira m'chiwerengero cha boma lonse.

Inde, kumudzi kulibe nyumba zabwino, magetsi ndi chipatala, tikudziwa. Koma chimene chikukhuthula sukuluzi ndi makalata a transifa. Mphunzitsi wa IPTE, wongotuluka kumene ku koleji ya uphunzitsi, amutumiza kumudzi, teremu isanathe wabwera ndi kalata yotsatira banja kapena ya kuchipatala, pamwamba pake foni yochokera kwa wamkulu wina. A PEA angakane? Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Amene amatsala kumudziko ndi amene alibe wowaimbira foni. Lamulo likhale limodzi: sukulu imene yapyola 60 isachotsedwe mphunzitsi wolowa m'malo mwake asanafike, ndipo ya ana 30 isalandirenso wina, kaya ndi mlamu wa ndani.

Nanga alawansi ya kumudzi ija? K10,000 imene ankalandira aphunzitsi ambiri m'dziko muno, wa patauni yaing'ono yamagetsi ndi wowoloka mtsinje pa bwato chimodzimodzi. Ndani akanalolera kukakhala kuphiri chifukwa cha ndalama imene mnzake akuilandira ali pafupi ndi banki?