Chingerezi m'kalembedwe kathu: chofunika ndi kudziwa mwini mawu

Mkangano wa kusakaniza Chichewa ndi Chingerezi polemba umatitayitsa nthawi chifukwa ambiri timaufunira yankho limodzi, loti tichotse zonse kapena tisiye zonse. Maganizo anga ndi akuti wolemba ayambe wadzifunsa kuti mawu ali patsogolo pakewo ndi a yani, ndipo amene adzawawerenge akuyenera kuchita nawo chiyani.

Tiyerekeze kuti mlembi wa gulu la banki m'khonde akulemba zokambirana, ndipo mayi wina waimirira n'kunena kuti: "Ndinatenga loni ya fifite sauzande, intelesiti yake twente peresenti, ndibweza pa manthi endi." Chiganizo chimenechi chikalowa m'buku ngati mawu a mayiyo, chiyenera kukhala momwe chatulukira pakamwa pawo. Chifukwa chake si kukonda Chingerezi ayi, koma chakuti mawu ogwidwa ndi umboni. "Manthi endi" kwa munthu wodalira malipiro a pantchito ndi tsiku limene ndalama zalowa, lomwe likhoza kufika mwezi usanathe kapena kuchedwa mpaka wina utayamba, pamene kwa msungichuma ndi tsiku lomaliza pakalendala. Mlembi akafuna kuyeretsa chiganizocho n'kulemba kuti mayiyo alonjeza kubweza pa 30 Juni, wawaikira m'kamwa lonjezo limene sadanene, ndipo tsiku la mlandu wa chindapusa bukulo lidzawanamizira.

Komatu mlembi yemweyo akamalemba chigamulo cha gulu, mawuwo tsopano ndi ake, ndipo udindo wake wasintha. Apa ndiye pofunika kulemba kuti ngongole ndi K50,000, chiwongoladzanja ndi K20 pa K100 iliyonse, kutanthauza K10,000, ndipo zonse pamodzi K60,000 zibwezedwe pofika pa 30 Juni. Agogo amene sadapite patali ndi sukulu akawerengeredwa zimenezi amva, ndipo palibe adzanene kuti adaganiza zina. Zimandipweteka mtima kuona uthenga wa katemera, wa mbewu kapena wa maliro utalembedwa theka m'Chingerezi, chonsecho wolembayo akudziwa kuti akuutumiza kwa abale akumudzi. Kumeneko ndi kusiya dala anthu ena kunja kwa nkhani yowakhudza.

Kuwongola sikutanthauza kuthamangitsa liwu lililonse lobwereka. Njira imene ndimaidalira ndi kuona ngati liwulo lagonjera malamulo a chiyankhulo chathu. Timati foni yanga, mafoni athu, ndachaja, wandichajira, akuchajitsa pa shopu. Liwu lotere lapeza gulu lake la mayina, likulandira aphatikiram'mbuyo ndi aphatikiram'tsogolo, ndipo latha ndi lembo laliwu monga amachitira mawu athu onse. Limeneli lakhazikika ngati sukulu, sitolo ndi buledi, kotero lingofunika kulembedwa m'kalembedwe ka Chichewa, mogwirizana ndi malamulo amene bungwe loona za Chichewa lidatulutsa mu 1973 n'kuwakonzanso mu 1980 ndi mu 1990. Chosiyana nacho ndi chiganizo chathunthu cha Chingerezi choponyedwa pakati pa ndime, chomwe sichidagwirizane ndi liwu lililonse loyandikana nacho. Chimenecho, ngati si mawu ogwidwa a munthu, ndimachimasulira.

Palinso kulakwitsa kwa mbali inayo, komwe akonzi ofuna Chichewa chopanda banga amagweramo. Kulemba kuti "makwacha zikwi makumi asanu" m'malo mwa K50,000 kumaoneka kokongola, koma owerenga ambiri amaima kaye kuti awerengetsere, popeza ndalama, nthawi ndi madeti tidazolowera kuzitchula m'Chingerezi ngakhale pamsika. Manambala amathetsa vutoli, aliyense amawawerenga m'chiyankhulo chimene akufuna.

Mawu amene munthu akukawaona pafoni kapena papepala lodzaza nawo asasinthidwe ngakhale pang'ono. Ngati ndikulangiza munthu kutumiza ndalama zobweza ngongole ija, ndidzamuuza kuti aimbe *211# pa Airtel Money kapena *444# pa Mpamba, ndi kuti akafunsidwa PIN alembe nambala yake yachinsinsi. Ndikangolemba "nambala yachinsinsi" osatchula zilembo zitatuzo, akhoza kuima pomwepo osadziwa kuti foni ikumufunsa chimene ndidamuuza chija. Choncho liwulo likhale momwe likuonekera pagalasi la foni, kufotokoza kwake kukhale m'Chichewa.

Kwa olemba nkhani zopeka ndi masewero, pempho langa ndi lakuti mnyamata woitanira minibasi ku Limbe asamayankhulitsidwe ngati buku la Sitandade 8. Mtengambali ayankhule momwe anthu ake amayankhulira, ndi kusakaniza kwake konse, koma wofotokoza nkhaniyo asunge Chichewa cholongosoka, kuti wowerenga azitha kusiyanitsa liwu la mlembi ndi la munthu amene mlembiyo wamuumba.